Musandiuzenso kuti ndiwapatse khadi la ku banki

Mu 2022 boma linatseka ADMARC kuti liikonzenso, ndipo antchito masauzande angapo anauzidwa kuti ntchito yatha. Ena mwa iwo anali alonda, olemba ndi oyeza chimanga m'misika ya kumidzi kuno ku Dedza. Mu Januwale 2025 dziko la Amereka linaimitsa thandizo lake kumaiko akunja, mapulojekiti ambiri a zaumoyo n'kuima, ndipo anyamata ndi atsikana amene tinkawaona akuthamanga pa njinga zamoto kupita ku Mayani, ku Lobi ndi ku Kasumbu anabwerera kunyumba ndi kalata m'manja. Ambiri mwa anthu amenewa ali pabanja ndi aphunzitsi, anamwino kapena apolisi, chifukwa pa boma laling'ono ngati lathuli olandira malipiro amakwatirana okhaokha. Ndiye yang'anani bwino mu sitafu mwanu. Muli mayi mmodzi kapena awiri amene nyumba yonse yatsamira pa malipiro awo, koma sanena.

Ine ndine mmodzi wa iwo. Bambo a kunyumba kwathu ntchito inawathera pa bungwe lina limene sinditchula, ndipo zimene ndikulembazi aziwerenga ndisanaziike pano. Sindikulemba kuti mutimvere chisoni, tikudya ndithu. Ndikulemba chifukwa cha malangizo amodzi amene ndawamva kwa ankhoswe, kwa amayi a kumpingo, kwa aphunzitsi anzanga, ngakhalenso kwa mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 2 ali ndi mamina. Onse amanena chimodzi: "Amayi, asungireni ulemu abambo. Anthu asadziwe. Mukalandira muziwapatsa khadi la ku banki akatape okha, kuti azionekabe kuti ndi mutu wa banja." Ndikuti malangizo amenewa ndi oipa. Amaoneka achikondi, koma ndi amene amadya ndalama yotsalayo, amatopetsa mkazi, ndipo mwamuna amene akuti akumutetezayo amamusiya yekhayekha ndi bodza loti alisenze tsiku ndi tsiku.

Tiyambe ndi ndalama, poti aphunzitsi timakonda kuona ntchito yolembedwa pa bolodi. Manambala awa ndi achitsanzo, inu muikepo anu. Titenge bambo amene wagwira zaka 8 akulandira K520,000 pamwezi, ndipo amuchotsa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito. Lamulo la za ntchito la 2000, monga analikonzera mu 2010, limati munthu wotere apatsidwe ndalama yolekanira: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndipo kupitirira apo a masabata anayi. K520,000 pamwezi ndi K120,000 pa sabata. Zaka zisanu zoyambazo zipereka masabata 10, zitatu zinazo masabata 9, onse pamodzi 19. Ndiye kuti K2,280,000, asanadule msonkho. Tionjezepo malipiro a mwezi umodzi a notisi, zikwana K2,800,000. Ikamalowa ndalama imeneyi pa foni pamalira kauthenga, mtima n'kugunda, munthu n'kuyamba kuona minibasi m'maso. Komatu ndalama yolekanirayo payokha sikwana n'komwe malipiro a miyezi isanu. Ndipo ngati ku banki kunali ngongole yotsala, tinene K900,000, banki imayamba yatenga zake inu musanatsuke m'kamwa. Yatsala K1,900,000.

Tsono banja limeneli linazolowera kudya K750,000 pamwezi pamene onse awiri ankalandira. Mayi, mphunzitsi, akadula msonkho, penshoni ndi kangongole kake, amatenga K380,000. Dzenje ndi K370,000 mwezi uliwonse. Akati apitirize kukhala monga kale kuti anthu asadziwe, ndalama ija itha m'miyezi isanu. Akati adule zodula mpaka afike pa K530,000, dzenje litsika kufika K150,000, ndipo ndalama yomweyo iwasunga chaka chathunthu ndi kakenso. Aliyense amene anafunapo ntchito muno m'Malawi akudziwa kusiyana kwa miyezi isanu ndi miyezi khumi ndi iwiri.

Funso ndi lakuti K220,000 imeneyo muidula pati. Simungaidule pa mchere ndi machesi. Muidula pa lendi, posamuka m'nyumba ya mpanda pa boma kukalowa m'nyumba ya sukulu ngati ilipo, kapena m'kanyumba kocheperako. Muidula pa mtsikana wantchito. Muidula pa ndalama imene mumatumiza kumudzi kwa apongozi mwezi ndi mwezi, ndi pa fizi ya mphwake wa abambo amene ali ku koleji. Onani bwino zinthu zimenezi: palibe chimodzi chomwe chimene mungachidule mobisa. Kusamuka kumaoneka, katundu amakwera pa lole masana. Wantchito akachoka oyandikana nawo amadziwa tsiku lomwelo. Apongozi simungangosiya kuwatumizira osanena chifukwa, apo ayi adzati mkazi uja wawadyetsa mankhwala ana awo. Choncho amene akukuuzani kuti "anthu asadziwe" akukuuzani kuti musadule kanthu. Akukuuzani kuti mugule ulemu wa miyezi isanu ndi chakudya cha miyezi isanu ndi iwiri. Iwo sadzakhalapo mwezi wachisanu ndi chimodzi pamene wakatapila adzagogoda.

Kubisako kumadyanso kwina. Ndamva za abambo amene amabisira ngakhale akazi awo. Amadzuka m'mawa, kusamba, kumanga tayi, kupita pa boma kukakhala pa bawo kapena m'kagolosale ka mnzawo mpaka madzulo. Miyezi iwiri, itatu. Pamene akuchita zimenezi nthawi ya lamulo ikuyenda. Amene akuona kuti anamuchotsa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokha yokadandaula kwa mkulu wa leba, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la za ntchito. Malipiro onse otsala amayenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Za penshoni nazo zili ndi mapepala ake: lamulo la penshoni la 2023 linachepetsa nthawi yodikira munthu akakhala pa ulova kuchoka pa miyezi isanu ndi umodzi kufika itatu, koma munthu ayenera kupita ndi kalata yake, afufuze ngati abwana ankaperekadi ndalamazo, ayende. Palinso kusiyana kumene ambiri sakudziwa. Wa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, monga ambiri a m'mabungwe, kontirakitiyo ikangofika pamapeto ake sayembekezera ndalama yolekanira ija ngati wochotsedwa pochepetsa antchito, ndiye ayenera kuwerenga zimene anasainira asanayambe kulonjeza anthu. Zonsezi zimafuna munthu amene wavomera kuti ntchito yatha ndipo akutha kunena pakamwa pake pa ofesi, pamzere, anthu akumva. Wamanyazi amaluza ndalama yake yomwe.

Tsopano za khadi. Anthu amati ukampatsa mwamuna khadi wamubwezera udindo. Ine ndikuti wamupatsa chovala chobwereka, ndipo iye akudziwa, iwe ukudziwa, ana akudziwa. Akaima pa makina a banki kumapeto kwa mwezi, kumbuyo kwake kuli aphunzitsi khumi amene akudziwa kuti lero ndi tsiku la malipiro a aphunzitsi. Ndalama akaibweretsa, mkazi amene waigwirira ntchito ayenera kupempha ya sopo ndi ya thiransipoti yopitira kuntchito komweko. Mwezi woyamba amapempha akuseka. Wachitatu amayamba kubisa kena, kulowa banki mkhonde mwachinsinsi, kutenga kangongole kodulidwa ku malipiro osanena. Abambo nawo, pofuna kuonetsa kuti ndalama ili m'manja mwawo, amagulira anzawo kamodzi pa bala, kapena kutumiza kena kumudzi. Palibe woipa pa awiriwa. Mwangowaika m'sewero limene aliyense ayenera kunamiza mnzake kuti lipitirire.

Njira inayo, imene amayi ena amatsata, ndi yoipa chimodzimodzi, ndipo anzanga a mu sitafu mundikhululukire poti ndinena. Mayi amagwira ndalama yonse, mwamuna wa zaka makumi anayi n'kumapempha ya kumeta, ya mayunitsi, ya chopereka kutchalitchi, ana ali pomwepo. Pakabuka kamkangano mawu amatuluka: "Kodi mukudya za ndani muno?" Mawu amenewo akatuluka sabwerera. Lamulo loteteza nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera kumana mnzako ndalama zofunika ndi kumunyoza ngati nkhanza, ndipo silinena kuti wochitiridwayo ayenera kukhala mkazi.

Chimene ife tinapeza kuti chimagwira ndi chopanda ulemerero uliwonse. Malipiro akalowa timakhala pansi ndi kope, pepala la malipiro lili poyera. Timalemba chimanga, makala, magetsi, sopo, ndiwo, zonse. Pa zotsala timapatula kandalama kofanana, kanga ndi kawo, kochepa ndithu, ndipo kameneko palibe amafunsa mnzake kuti wagula chiyani. Kogula zinthu amapita amene ali ndi nthawi, ndiye kuti nthawi zambiri ndi iwo, ndipo khadi amalitenga pa chifukwa chimenecho basi, monga mmene angatengere ambulera. Mfundo yaikulu ili pa kandalama kofanana kaja. Munthu wamkulu chimene chimamupha si kusowa, koma kupempha. Mukachotsa kupempha mwachotsa theka la mikangano.

Koma nkhani yeniyeni, imene ankhoswe amaidumpha ngati chithaphwi, ndi ya ntchito za pakhomo. Tanena kuti wantchito wapita. Ntchito imene ankagwira sinapite naye. Inu a kuno mukudziwa mmene Juni ndi Julayi amakhalira pamwamba pano: nkhungu yatsekera phiri, madzi a mu ndowa akuluma zala, mwana sangasambe ozizira. Wina ayenera kudzuka mdima ulipo kukoleza mbaula, kutenthetsa madzi, kuphika phala. Wina ayenera kupita ku mjigo mipope ikauma, ku chigayo, ku sikelo ndi mwana wamng'ono. Zovala zochapa m'nyengo imeneyi zimatenga masiku awiri kuti ziume, ndiye wina aziyang'anira. Mphunzitsi wa sekondale amayenera kukhala ali pasukulu isanakwane hafu pasiti seveni, aphunzitse makalasi a ana makumi asanu ndi limodzi kapena kuposa, abwere ndi mulu wa makope. Ngati malangizo ali akuti "abambo asaoneke akugwira ntchito za chizimayi, angachepe," ndiye kuti mayi uyu agwire ntchito ya boma, agwire ya wantchito uja, aonjezere yachitatu yosamala mtima wa munthu amene wakhala pa mpando tsiku lonse. Kenaka tizidabwa kuti wayamba kuyankha mokalipa, n'kumati malipiro amukuza mtima. Sanakule mtima, watopa.

Ndipo musaganize kuti kukhala pa mpandoko kumamukomera mwamunayo. Munthu amene wazolowera kudzuka ndi chochita, mukamuletsa kugwira chilichonse pofuna kumulemekeza, mwamutsekera m'ndende ya pabalaza. Tsiku limatalika. Amayamba kuwerenga maminitsi amene mkazi wachedwa. Msonkhano wa sitafu ukatha mochedwa, funso limabwera: "Munali ndi ndani?" Dzina la mayi likatuluka pa okachonga mayeso a MANEB, kumene munthu amakakhala masabata angapo ndipo kandalama kake kangatseke dzenje la mwezi wathunthu, m'nyumba mumabuka mlandu, ndipo ndikudziwa amayi amene anakana kupita pofuna mtendere. Taganizani, banja limene likusowa ndalama likukana ndalama, chifukwa palibe angaphikire ana ndiponso chifukwa abambo angaganize zina.

Ena mudzati, "Amayi, chikhalidwe chathu sichilola." Chikhalidwe chake chiti? Ine ndimaphunzitsa mbiri, ndiye pano mundilole ndikhalepo pang'ono. Kuno kwa Achewa mwamuna ankapita chikamwini. Ankamanga nyumba kwa mkazi, kulima munda wa kuchikazi, ndipo za ana mawu omaliza anali a malume awo. Sindikuti mkamwini ankakhala pabwino, ayi, nkhani za kuzunzika kwa akamwini tonse tinazimva kwa agogo. Koma palibe ankayeza umuna wake ndi envelopu ya kumapeto kwa mwezi, chifukwa envelopuyo kunalibe. Ankamuyeza ndi khasu, nkhwangwa, nkhokwe yoluka bwino, denga losadontha. Za mwamuna wobweretsa ndalama zinabwera ndi msonkho wa nyumba wa atsamunda m'zaka za m'ma 1890, umene unakakamiza amuna kukafuna ndalama ku minda ya azungu, ku Halale ndi ku Joni. Ndipo pamene amunawo anali ku migodi ndi Wenela kapena Theba, zaka ziwiri, ena mpaka kutchona, ndani ankayendetsa makomo a ku Bembeke ndi kwa Kaphuka? Amayi. Ankalima, kufolera, kukhoma msonkho, kulera. Kamuzu ataimitsa ulendo wa ku migodi mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri, ndiponso Theba itatheratu mu 1988, amuna ambirimbiri anabwerera kudzadya nsima ya m'munda umene akazi awo analima. Kotero mkazi wosenza banja si chinthu chachilendo pa phiri lino. Chachilendo ndi mwamuna amene salima poti anaphunzira, saphika poti ndi mwamuna, ndipo tsopano salandira. Ameneyo makolo athu sakanadziwa pomuika.

Lamulo la maukwati la 2015 linaona zimenezi kuposa ankhoswe athu ambiri. Limati udindo wosamalana ndi wosamala ana ndi wa onse awiri, aliyense molingana ndi zimene amapeza, ndipo ntchito za pakhomo ndi kulera ana nazo zimawerengedwa ngati chopereka cha munthu m'banja. Ambiri tinamva zimenezi ngati chitetezo cha amayi osagwira ntchito yolembedwa, ndipo n'zoona. Koma litembenuzeni. Likutanthauzanso kuti bambo amene watenthetsa madzi, waperekeza mwana kusukulu, wapita ku chigayo ndi kupalira dimba si wodyera mkazi. Waika gawo lake. Amene sanaike ndi uja wakhala pa mpando kuteteza dzina.

Apa pali chinthu china chondiseketsa mowawa. Mphunzitsi wamwamuna mkazi wake akachotsedwa ntchito, mu sitafu palibe amanong'ona. Amangoti "amayi ali pakhomo tsopano," ngati kuti abwerera kumene anayenera kukhala. Palibe amafunsa ngati mayi ameneyo, amene anali ndi desiki yake ndi ndalama yake yothandizira makolo ake, nayenso akumva kuchepa akamapempha ya mafuta odzola. Ulemu wa mwamuna timausamala ngati dzira mpaka kuuswa, wa mkazi sitidziwa n'komwe kuti ulipo. Abambo anzanga a choko, kandalama kofanana kaja kakukhudzani inunso.

Ndibwerere ku K1,900,000 ija, chifukwa pali dzenje lina limene manyazi amakankhiramo anthu. Mwamuna akangokhala masabata atatu, abale amayamba: "Achimwene, chitanipo kanthu, mwamuna sakhala." Ndiye pofuna kuti azitchedwa wabizinesi m'malo mwa lova, amatenga ndalama yonse kuiponya pa chinthu chimodzi chimene sanachichitepo. Kuno chinthucho nthawi zambiri ndi mbatata ya kachewere. Amabwereka maekala awiri, kugula mbewu pamsika osadziwa kuti yachokera m'munda wodwala kapena ayi, kugula feteleza, kulemba aganyu, iye n'kumayang'anira pa foni ali pa boma. Kachewere amafuna munthu wokhala naye. Mvula ikagwa motsatizana kunja kukuzizira, chiwawu chimalowa, ndipo ukachedwa kupopera mankhwala masiku ochepa masamba amada munda wonse ngati wapsa ndi moto. Mbewu ikakhala ndi matenda ofwetsa, mbewuzo zimafota zili zobiriwira ndipo nthaka yomweyo imaipa kwa zaka. Ukapulumuka zonsezi umakolola nthawi imodzi ndi wina aliyense kuyambira ku Bembeke mpaka ku Tsangano ndi kutsidya kwa Angonia, mtengo uli pansi, mavenda a ku Lilongwe akutchula okha mtengo poti akudziwa kuti mbatata siidikira, imaola. Alimi enieni amapindula chifukwa amadziwa malo, amasunga mbewu yawo, ena amalima m'dimba nthawi ya chilimwe pamene mbatata yachepa. Munthu wochoka mu ofesi angaphunzire zimenezi, koma aphunzirire pa kota ya ekala, ndi ndalama imene banja lingapirire itatayika, ali m'mundamo yekha ndi nsapato za mphira.

Wina adzati kusunga ndalama nakonso n'kutaya, ndipo sakunama. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anaisunga pansi pa pilo anaona ikusungunuka. Koma yankho lake si kuthamangira minibasi yakufa. Gulani chimanga cha chaka chonse nthawi yokolola, muthire mankhwala. Lipiranitu lendi ya miyezi ingapo ngati eni nyumba ndi okhulupirika. Tsekani ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu. Zimenezi zilibe dzina lokoma lokatchula pa maliro anthu akafunsa kuti "masiku ano mukupanga chiyani," n'chifukwa chake amuna ambiri sazifuna. Mkazi akanena amaoneka ngati wopinga chitukuko cha mwamuna wake, ndiye ambiri amangokhala chete, n'kumaonerera ndalama ikupita. Ndikuti nenani. Kuthandiza munthu si kuvomera chilichonse chimene wanena ali ndi bala.

Pali zizindikiro zimene mkazi, m'bale kapena mnzake ayenera kuziona msanga, ndipo sewero lija ndi limene limaziphimba. Munthu akayamba kutuluka panja kukayankha foni iliyonse, kawirikawiri kuli ngongole imene simukuidziwa. Akasiya kupita kutchalitchi, ku maliro ndi ku mpira, kumene kale sankaphonya, akuthawa funso. Akamagona masana n'kumakhala maso usiku, akasiya kusamba, kachasu akalowa m'malo mwa chakudya, kapena akayamba kunena kuti "mukanakhala bwino popanda ine," imeneyo si nkhani ya ulesi kapena ya mapemphero okha. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Mufunseni molunjika, muuze m'bale wake amene amamumvera, mupite naye kuchipatala kwa oona za matenda a maganizo. Amene anakulangizani kuti anthu asadziwe wakutsekerani khomo limeneli, chifukwa simungaitane thandizo pa vuto limene mukuti kulibe.

Sindikunena kuti kunena poyera n'kosawawa. Dedza ndi kamudzi. Mukakhala m'nyumba ya sukulu abambo amasanduka "amuna awo a madamu," ana a Fomu 1 amawaona akuyanika zovala, ndipo alipo amene amaseka. Tsiku loyamba kupita ku chigayo ndi thumba pa njinga, amayi a pamzere anawauza kuti, "Pepani bambo, kodi amayi adwala?" Iwo anayankha kuti, "Ayi, ali m'kalasi." Ulendo wachiwiri anawafunsanso. Wachitatu anangowauza kuti asunthe thumba lawo likutchinga njira. Miseche ya pa boma ili ndi moyo wa masabata awiri, kenaka imapeza wina. Ngongole ya katapila ilibe masabata awiri.

Kwa ankhoswe ndili ndi pempho limodzi. Banja lotere likabwera kwa inu, musayambe ndi kuuza mkazi kuti azigwada kwambiri, kapena kuuza mwamuna kuti alimbe mtima. Afunseni kuti m'nyumbamo mumalowa zingati, zimatuluka zingati, ngongole zilipo zingati ndipo zili kwa ndani, komanso amadzuka ndani kukoleza moto. Mudzaona kuti nthawi zambiri mmodzi wa iwo akumva mayankhowo koyamba. Ndipo ntchito youza abale a kuchimuna kuti thandizo la mwezi ndi mwezi laima muitenge inu pamodzi ndi mwamunayo. Isasiyidwe kwa mkazi, chifukwa ikachokera pakamwa pake adzaisenza mlanduwo mpaka kumanda.

Tsono inu anyamata anga amene munadutsa m'manja mwanga, ena tsopano muli ndi ndevu za imvi ndipo mumandilembera kuchokera ku Lilongwe ndi ku Joni. Ambiri a inu munaphunzira pa sukulu yoyendera, kwanu kuli kutali, ndiye munkachita lendi tizipinda kuseri kwa msika, anayi anayi. Ndinkabwera kudzakuonani mukajomba. Ndinakupezani mukuphika nsima pa mafuwa, mukukazinga bonya, mukuchapa yunifomu Lamlungu madzulo ndi kuisita ndi ayironi ya makala, mukutunga madzi pa mjigo limodzi ndi amayi a m'mudzimo popanda wochita manyazi. Mmodzi wa inu ankaphika nyemba zokoma kuposa zanga, ndipo akudzidziwa. Ndiye mmodzi wa inu asadzandiuze kuti mkazi wake akuchokera ku ntchito usiku n'kupeza pamoto pali zii chifukwa iye sadziwa pogwira mthiko. Ndili ndi maina anu mu rejisitala, ndipo ndikukumbuka amene ankapakula.